Kalata ya ku bodi yopempha ERP: momwe ntchito yayendera

Sabata yoyamba, Lachiwiri

Akulu a zachuma andipatsa masabata asanu kuti ndikonze kalata yopita ku bodi, yopempha chilolezo chosiya masipuredishiti ndi kugula ERP, pulogalamu imodzi yomwe zogula, zogulitsa, sitoko ndi maakaunti zonse zimalembedwa pamalo amodzi. Kampani yathu imapikulitsa katundu. Tili ndi madepoti atatu, mitundu ya katundu pafupifupi 4,200, ndipo anthu 22 ndi omwe amagwira mafayilo tsiku ndi tsiku. Lero ndawerenga mafayilo a Excel omwe ntchito ingaime atasowa, ndapeza 31. Asanu ndi awiri mwa iwo amawadziwa bwino munthu mmodzi yekha.

Ndalama zenizeni zili m'kalatamo ndipo ndi za bodi. Muno ndizitenga mtengo wonse wa zaka zisanu ngati 100, ndipo china chilichonse ndizichiyerekeza ndi 100 ameneyo.

Sabata yoyamba, Lachisanu

Makotesheni atatu afika. Wogulitsa yemwe tamukonda walemba zinthu ziwiri zokha: laisensi ya anthu 22 ya chaka choyamba, ndi malipiro a akatswiri ake oika pulogalamuyo. Zonse pamodzi zikukwana 35. Madzulo ano ndalemba kalata yoyamba, masamba asanu ndi limodzi, ndipo ndaikamo phindu la 40 pa chaka. Masamu ake akusonyeza kuti ndalama zibwerera pasanathe chaka. Ndagona ndikudzitama.

Sabata yachiwiri, Lolemba

Akulu a zachuma awerenga tsamba loyamba ndi lachinayi basi, kenako andiitana. Analoza mzere wonena kuti ERP idzapulumutsa maola 310 pa mwezi, omwe ndinawasandutsa ndalama zokwana 14 pa chaka.

"Maola amenewa akapulumuka, tichotsa ndani ntchito?"

Ndinati palibe.

"Ndiye malipiro a pa mwezi atsika ndi zingati?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Iwo anapitiriza modekha kuti ku bodi kuli anthu awiri omwe ntchito yawo moyo wonse yakhala kuwerenga mapepala otere, ndipo akagwira nambala imodzi yofufuma, zotsalazo saziwerenganso. Maola 310 ndi oona, ndinawayeza ndekha pofunsa anthu momwe amathera nthawi kukopera manambala kuchoka fayilo ina kupita ina. Koma agawika pa anthu 22, aliyense maola pafupifupi 14 pa mwezi. Palibe amene malipiro ake angatsike chifukwa chakuti Lachitatu masana wapezako mpata. Maolawo akhala m'kalata, koma achoka pa tebulo la ndalama, apita pa ndime ya zabwino zomwe sitikuziika mtengo. Chomwe chatsala pa tebulo kuchokera ku nthawi ya anthu ndi ovataimu ya kumapeto kwa mwezi yokha, chifukwa imeneyo timalipiradi ndipo ili pa mapepala a malipiro.

Anandiuzanso kuti 35 wa pa kotesheni ndi mtengo wa wogulitsa, si mtengo wathu.

Sabata yachiwiri, Lachinayi

Masiku atatu apitawa ndakhala ndikusaka zomwe kotesheni sinatchule, ndipo zatuluka zambiri.

Laisensi imalipiridwa chaka ndi chaka, 7.6 pa chaka, ndiye zaka zisanu ndi 38. Akatswiri oika pulogalamu ndi 27. Mpaka apa zonse ndi za wogulitsa. Zotsatirazi ndi zathu, ndipo palibe amene angatitumizire invoisi yake pasadakhale. Kuyeretsa mndandanda wa katundu, wa makasitomala ndi wa otigulitsa, komanso kuusamutsa, ndaika 8. Maphunziro 6, poti kotesheni ili ndi masiku awiri okha ophunzitsa anthu asanu, ndipo anthu a ku depoti omwe amagwira mashifiti sangaphunzire onse tsiku limodzi. Masikana, makompyuta awiri ndi intaneti yachiwiri ya ku depoti yakutali, 4.

Chomwe chinandivuta kwambiri ndi nthawi ya anthu athu. Wogulitsa akufuna kuti tipereke anthu atatu odziwa ntchito, wa sitoko, wa zogula ndi wa maakaunti, theka la nthawi yawo kwa miyezi isanu ndi itatu. Anthu amenewa ndi omwewo omwe kampani yatsamira pa iwo. Poyamba ndinkaganiza kuti poti malipiro awo timalipira kale, palibe choonjezera. Koma lamulo lomwe linachotsa maola 310 pa phindu likugwiranso ntchito kuno: funso ndi loti kodi ndalama ituluka kapena ayi. Ituluka, chifukwa tiyenera kulemba anthu awiri a kontirakiti kuti agwirizire ntchito za tsiku ndi tsiku. Ndaika 9. Pamwamba pa zonse zolipira kamodzi, zomwe zikukwana 54, ndaonjezera 8 wa zadzidzidzi, pafupifupi 15 peresenti. Zonse pamodzi ndiye 100 uja, ndipo pafupifupi 70 akutuluka chaka choyamba.

Mnzanga wa makompyuta wafunsa chifukwa chomwe sitingotenga ERPNext, yomwe laisensi yake ndi yaulere. Funso labwino, ndipo ndaliika m'kalata. Yankho lake likuonekera pa tebulo lomweli: ulerewo ukukhudza mzere wa 38 wokha, ndipo ngakhale pamenepo tidzalipirabe seva ndi munthu wotithandiza ikavuta. Mizere inayo siisuntha.

Sabata yachitatu, Lachiwiri

Tsopano phindu. Ndaganiza zoti chilichonse chomwe ndilembe chikhale ndi pepala kumbuyo kwake, ndiye ndapempha mndandanda wa katundu yemwe tinamutaya m'mabuku chaka chatha, ndipo ndayamba kutsata chimodzichimodzi kuti chinaonongeka bwanji. Nkhani imodzi yanditengera tsiku lonse, ndipo ndi imene itsegule kalata.

Chaka chatha tinagula zitini 600 za utoto wa mtundu wina pomwe zitini 540 za utoto womwewo zinali zitangokhala ku depoti yachiwiri. Utotowo suyenda msanga. Pofika kumapeto kwa chaka zitini zambiri zakalezo zinali zitapitirira nthawi yake, tinazigulitsa motchipa, zina kutaya. Pa nthawiyo mlandu unagwera mayi wa zogula, ati sanayang'ane sitoko. Lero ndatsegula fayilo yomwe anagwiritsa ntchito tsiku limenelo. Anayang'ana ndithu, ndipo fayilo inawauza kuti ku depoti yachiwiri kuli 0. Selo yake ili ndi fomula iyi:

```
=IFERROR(VLOOKUP(A2,Depoti2!A:D,4,FALSE),0)
```

Fomulayi imatenga nambala ya katundu, kukaisaka pa tsamba la depoti yachiwiri, ndi kubweretsa kuchuluka kwa sitoko. Ikapanda kuipeza, `VLOOKUP` imayenera kukuwa ndi `#N/A`. Koma winawake zaka zapitazo anatopa ndi kuona `#N/A` paliponse, ndiye anaikulunga mu `IFERROR` kuti pamalo pake pazibwera 0. Kuyambira tsiku limenelo, "sindinaipeze nambalayi" ndi "katunduyu watha" zinayamba kuoneka chimodzimodzi.

Nanga inalephera bwanji kuipeza? Pa tsamba la zogula nambala ndi `PT-0412`. Pa tsamba la depoti ndi `PT-0412` yomweyo ukaiona ndi maso. Ndinalemba `=LEN(A2)` mbali zonse ziwiri: kuno 7, uko 8. Wolemba ku depoti anagunda batani la mpata kumapeto kwa nambala, kampata kosaoneka, ndipo kwa Excel zimenezo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nditayesa mndandanda wonse poyerekeza `LEN(A2)` ndi `LEN(TRIM(A2))`, ndinapeza nambala 63 zili ndi vuto lomweli. Zina 200 ndi kanthu ndi katundu mmodzi wolembedwa kawiri ndi manambala osiyana.

Ndapita kwa mayi aja kukawaonetsa. Anayang'anitsitsa sikirini, kenako anati, "Ndiye chaka chonsechi ndakhala ndikupepesa chifukwa cha kampata?" Ndinawauza kuti m'kalata simukhala dzina la munthu, mukhala fomulayo.

Apa ndi pomwe ndikufuna bodi imve kusiyana kwake. Mu ERP nambala ya katundu imalembedwa kamodzi, pa mndandanda umodzi, ndipo wa ku depoti saitaipa, amaisankha kapena kuisikana. Sitoko siikoperedwa kuchoka kwina, imasintha yokha wina akalemba kuti walandira kapena watulutsa katundu, ndipo pamatsala dzina lake ndi nthawi. Vuto la kampata silingachitike mwanjira imeneyi. Koma ndalembanso chiganizo chomwe wogulitsa sangachikonde: katundu 200 wolembedwa kawiri uja tikamulowetsa mu ERP momwe alilimu, adzakhalabe wolembedwa kawiri, kungoti pa sikirini yokongola.

Sabata yachitatu, Lachisanu

Pa katundu yense wotayidwa chaka chatha, wokwana 16, ndatha kulumikiza 9 ndi kusadziwa zomwe zili ku depoti ina. Wotsala 7 ndi wosweka ponyamula, wonyowa ndi wobedwa, zomwe pulogalamu singazithetse, ndiye sindikumuwerengera. Ndapezanso katundu yemwe anatuluka ndi pepala lotumizira koma invoisi sinalembedwe, kapena inalembedwa ndi mtengo wakale, 7 pa chaka. Ovataimu ya kumapeto kwa mwezi pamodzi ndi masiku oonjezera omwe maodita amatilipiritsa pofufuza kusiyana kwa sitoko ndi mabuku, 5. Zitatuzi pamodzi ndi 21 pa chaka.

Sabata yachinayi, Lolemba

Lero takangana ndi akauntanti wathu pa nkhani ya kuchepetsa sitoko, ndipo wapambana ndi iye. Pano timasunga katundu wa masiku 74. Tikamaona madepoti onse nthawi imodzi, ndikukhulupirira kuti tingatsike kufika masiku 64, zomwe zingamasule ndalama zokwana 40 zomwe zagona pa mashelefu. Ine ndinafuna kulemba 40 ameneyo ngati phindu, ndi kuonjezerapo 5 pa chaka wa chiwongoladzanja chomwe sitidzalipiranso kubanki.

Iye anati ayi kawiri. Choyamba, 40 si phindu, ndi ndalama yathu yomwe yasintha kuchoka pa katundu kubwera m'thumba, ndipo imabwera kamodzi kokha. Chachiwiri, ndisaike 40 ndi 5 pa mzere umodzi, chifukwa wina ku bodi adzati ndawerenga chinthu chimodzi kawiri. Tagwirizana zolemba mizere iwiri yosiyana.

Mzere woyamba ndi wa phindu, wopanda 40 koma wokhala ndi chiwongoladzanja, 26 pa chaka. Chaka choyamba ndaika 0, chifukwa pulogalamu idzayamba kugwira ntchito mwezi wachisanu ndi chinayi ndipo miyezi yoyambirira anthu amachedwa kuposa kale. Chaka chachiwiri ndaika theka, 13. Zaka zitatu zotsalazo 26 chilichonse. Zonse pamodzi 91, pomwe mtengo ndi 100. Ndiye kuti pa zaka zisanu ndalama sizinabwerere, zikubwerera pakati pa chaka chachisanu ndi chimodzi. Mzere wachiwiri ndi wa ndalama zolowa ndi kutuluka kubanki, wokhala ndi 40 wogawidwa pakati pa chaka chachiwiri ndi chachitatu, wopanda chiwongoladzanja. Umenewu ukufika pa 0 kumapeto kwa chaka chachinayi.

Ndinakhala chete ndikuyang'ana 91 uja. Kalata yoyamba inkati pasanathe chaka. Mtima unandiuza kuti ndibwezeremo maola 310 kuti nambala idumphe 100. Sindinatero, ndipo osati chifukwa cha chilungamo chokha: bodi idzabwereranso ku tebulo limeneli chaka ndi chaka, ndipo wodzafunsidwa ndidzakhala ine.

Sabata yachinayi, Lachitatu

Ngati phindu silikubweza ndalama pa zaka zisanu, bodi ivomerezenji? Funso limeneli ndalilemba m'kalata momwe lililimu, ndipo ndayankha ndi njira zitatu.

Kukhala momwe tilili kuli ndi mtengo wake, 21 uja yemwe tikutaya chaka chilichonse, ndipo depoti yachinayi yomwe bodi inavomereza kale ibweretsa mafayilo ena. Njira yachiwiri ndi kukonza masipuredishiti omwewa: kutseka maselo, kuchotsa `IFERROR`, kuika mndandanda wosankhapo m'malo motaipa. Ndi yotchipa, mwina 6, ndipo ndalemba mosabisa kuti ingathetse vuto la kampata ndi kupulumutsa mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a zotayikazo. Chomwe singachite ndi kulumikiza pepala lotumizira katundu ndi invoisi yake, kapena kusiyanitsa udindo kuti woitanitsa katundu asakhale yemweyo wovomereza kulipira. Singachotsenso nkhani ya mafayilo asanu ndi awiri a munthu mmodzi aja. Njira yachitatu ndi ERP.

Ndinafuna kuikamo zitsanzo zambiri za kunja, akulu a zachuma andilola zitatu zazifupi. Cha masipuredishiti ndi cha Public Health England, bungwe la boma la zaumoyo ku England, mu 2020, pomwe anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 anasowa pa malipoti chifukwa fayilo ya mtundu wakale wa XLS imathera pa mizere 65,536, ndipo zopitirira pamenepo zinangotayika mwakachetechete. Ifeyo sitinafike pa mizere yochuluka chotero, koma khalidwe lake ndi la `IFERROR` yathu ija, kulakwa kopanda phokoso.

Zinazo ndi za ERP yomweyo, chifukwa bodi ikudziwa kuti ntchito zoterezi zimagwa ndipo ndi bwino imve kwa ife. Hershey, kampani ya chokoleti ya ku America, mu 1999 inayatsa pulogalamu yake yatsopano pakati pa chaka, maoda a Halloween akuyamba kulowa, ndipo inalephera kutumiza katundu wa pafupifupi madola 100 miliyoni. Lidl, kampani ya masitolo ya ku Germany, inasiya ntchito yake yoika pulogalamu ya SAP mu 2018 patatha zaka zisanu ndi ziwiri ndi mayuro pafupifupi 500 miliyoni. Chimodzi mwa zovuta zake chinali chakuti Lidl imawerengera sitoko ndi mtengo wogulira pomwe pulogalamuyo inkadalira mtengo wogulitsira, ndipo anasankha kusintha pulogalamu m'malo mosintha kachitidwe kawo. Kuchokera pa ziwirizi ndalemba malonjezo awiri: sitidzayatsa ERP m'miyezi itatu yomwe malonda athu amachuluka, ndipo kusintha kulikonse kwa pulogalamu kopitirira makonzedwe ake a masiku onse kudzafuna siginecha ya akulu a zachuma, ndi mtengo wake wolembedwa pambali.

Sabata yachisanu, Lolemba

Kalata yatsika kuchoka pa masamba asanu ndi limodzi kufika awiri, matebulo apita kumapeto ngati zophatikiza. Chasintha kwambiri ndi pempho lenilenilo. Sindikupemphanso 100. Ndime yoyamba tsopano ikuti:

"Kwa Wapampando ndi mamembala a bodi. Tikupempha kuti muvomereze gawo loyamba lokha la ntchitoyi, la ndalama zokwana 10 pa 100 ya mtengo wonse ndi nthawi ya miyezi itatu: kuyeretsa mndandanda wa katundu, wa makasitomala ndi wa otigulitsa, kuwerenga sitoko m'madepoti onse, ndi kulemba pamodzi ndi wogulitsa zomwe pulogalamuyo iyenera kuchita, kuti atipatse mtengo wosasintha. Tidzabweranso kwa inu tisanasaine laisensi iliyonse."

10 ameneyo ndi 8 wa kuyeretsa uja ndi 2 wotengedwa pa 27 wa akatswiri, si ndalama yoonjezera. Ubwino wake ndi woti bodi ikadzakana ERP, 8 sanapite pachabe, chifukwa mndandanda woyera ukufunikanso pa njira yachiwiri. Ndalemba zinthu zitatu zomwe ziyenera kukwaniritsidwa tisanabwerenso: katundu aliyense akhale ndi nambala imodzi, sitoko yowerengedwa ifanane ndi ya m'mabuku pa mitundu 98 mwa 100 iliyonse, ndipo mtengo wa akatswiri a wogulitsa usapitirire 27. Chimodzi chikalephera, tidzanena tokha kuti tiime.

Ndaonjezanso kamzere kofunsa kuti zikavuta zidzavuta bwanji: mtengo wolipira kamodzi ukakwera ndi 30 peresenti, 8 wa zadzidzidzi satikwanira, tidzasowa 8 wina, ndipo kubwerera kwa ndalama kudzachedwa ndi pafupifupi theka la chaka. Akulu a zachuma anawerenga zonse ataimirira, anakonza mawu awiri, n'kusaina.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachinayi

Nkhani yathu inatenga mphindi 40. Za Lidl ndi Hershey palibe anazitchula. A Wapampando anafuna kuona kampata kaja ndi maso awo, ndiye ndinatsegula fayilo pa laputopu n'kuwaonetsa 7 ndi 8. Mayi mmodzi wa m'komiti ya odita anafunsa funso lomwe sindinalikonzekere: tikadzafuna kusiya wogulitsayu chaka chachitatu, zolemba zathu tidzazitenga bwanji, mu mtundu wanji wa fayilo, ndipo adzatilipiritsa zingati? Ndinavomera kuti m'kotesheni mulibe. Anafunsanso ngati 7.6 wa pa chaka ndi wokhomedwa kwa zaka zonse zisanu. Si wokhomedwa, kotesheni ikulonjeza zaka ziwiri zokha, ndipo ine ndinangochulukitsa ndi 5 osaganizira.

Avomereza gawo loyamba, ataonjezera zinthu ziwiri pa zitatu zanga: kontirakiti inene momveka za kutenga zolemba zathu pochoka, komanso malire a momwe laisensi ingakwerere pa chaka. Tebulo la mtengo ndilikonza mawa, ndiikamo kukwera kwa laisensi kuyambira chaka chachitatu, ndipo 100 uja asuntha pang'ono. Lolemba tiyambira ku depoti yachiwiri ndi nambala 63 zija. Mayi wa zogula apempha kuti mndandanda wa katundu wolembedwa kawiri auyendetse okha.